Madola 220 amene anandidyera malata a nyumba

"Achimwene, ndili ndi madola 5,000 amene ndikufuna kugulira masheya a kampani ina ya kuno ku Amereka, koma mtengo wake wa madola 52 ndikuuona kuti wakwera. Mnzanga wa kuntchito akuti ndigulitse puti, ndalama zogulira nditaziika pambali. Akuti azindilipira chifukwa chongodikira, kenako masheyawo ndidzawapeza motchipa. Kodi ndi zoona? Msampha wake uli pati?"

Kalata yanuyi ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinadzuka kukapanga tiyi, chifukwa mawu akuti "azindilipira chifukwa chongodikira" ndi omwewo amene ine ndinawauza mayi a kunyumba mu Febuluwale 2020. Mnzanuyo sakunama. Wangokuuzani theka la nkhani, ndipo theka limene wasiya ndi limene limaluma.

Tiyambe ndi chimene mukugulitsacho. Puti ndi lonjezo. Mukulonjeza munthu amene simudzamuona n'komwe kuti akafuna, mudzamugula masheya 100 pa mtengo umene mwagwirizana, tsiku lililonse mpaka pamene pangano lidzathere. Mtengo wogwirizanawo amautcha sitiraiki. Iye amakupatsani kandalama pompopompo, piremiyamu, ndipo kameneko ndi kanu zivute zitani. Zili ngati mlimi kukupatsani kangachepe lero kuti mumulonjeze kudzagula matumba ake a chimanga pa mtengo wakutiwakuti. Chimanga chikadula, sabwera kwa inu, akagulitsa kumsika. Amadzagogoda pakhomo panu pokhapokha pamene chimanga chatchipa moti mavenda akuchinyoza. Ndiye inu simuli wogula wochenjera amene akudikira mtengo wabwino ayi. Ndinu wogulitsa inshuwalansi.

Ine nthawi imeneyo sindinkaziona choncho. Ndinali nditasunga madola 8,000, ndalama za mashifiti a usiku, zoti tifolerere nyumba imene tikumanga kumudzi. Mmisiri anati tidikire mvula ithe. Ndiye ndalama zinangokhala, ndipo ndalama zongokhala zimayabwa m'manja. Panali kampani ina ya sitima zapamadzi zonyamula anthu okasangalala, masheya ake anali atatsika kufika pa madola 44. Ndinati ndikawapeza pa 40 ndiye kuti ndatola. Ndinagulitsa maputi awiri a sitiraiki ya 40, othera Lachisanu pa 20 Malichi, piremiyamu yake dola imodzi ndi masenti 10 pa sheya. Masheya 200, ndiye madola 220 analowa mu akaunti nthawi yomweyo, ndipo buloka, kampani imene ndimagulira masheya kudzera mwa iyo, anatsekera madola 8,000 aja ngati chikole. Ndimakumbukira bwino, ndinali m'galimoto panja pa kuntchito, chipale chili mbuu pa galasi, ndikuwerengera pa foni kuti madola 220 pa mwezi kuchulukitsa ndi miyezi 12 ndi zingati. Ndinafika kunyumba ndikumwetulira ngati ndapambana mpikisano.

Funso limene sindinadzifunse ndi lakuti, bwanji munthu akundipatsa ndalama zambiri chonchi kuti ndimulonjeze mtengo wotsika ndi madola 4? Yankho linali pa nkhani tsiku lililonse. Sitima ina inali itatsekeredwa pa doko la Yokohama ku Japan chifukwa cha kachilombo ka korona. Piremiyamu ikanenepa, msika ukuchita mantha ndi chinachake. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kutha kwa Febuluwale mtengo unali pa 33. Apa ndipo pali phunziro limene ndimafuna mulimve. Khomo lotulukira linalipo. Puti imene wagulitsa ukhoza kuigulanso, pangano n'kuthera pomwepo, pa sikirini amalemba kuti `Buy to Close`. Koma imene ndinagulitsa pa 1.10 tsopano inali pafupifupi madola 8, kutanthauza madola 1,600 pa ziwirizo. Ndinati ayi, ine si ndimawafuna masheyawa? Ndinkadzinamiza. Kampani imene ndinkaifuna pa 40 inali ya sitima zoyenda, zodzaza anthu. Imene inkabwera kwa ine inali ya sitima zongoima pa doko. Dzina lomwelo, koma katundu wina.

Msika wonse wa ku Amereka unagwa. Kuchokera pa 19 Febuluwale kufika pa 23 Malichi, mlozo wa mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a ku Amereka wotchedwa S&P 500 unatsika ndi pafupifupi 34 pa 100 alionse. Zanga sizinadikire n'komwe tsiku lomaliza. Maputi a masheya a ku Amereka mwini wake akhoza kuwagwiritsa ntchito tsiku lililonse, ndipo m'mawa wina nditatsegula akaunti ndinapeza ndalama palibe, m'malo mwake muli masheya 200. Ndinawagula pa 40, kuchotsapo 1.10, ndiye 38.90. Pamsika anali cha m'ma 12. Madola oposa 5,000 anasungunuka kuti ndipeze 220.

Mayi a kunyumba sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Bambo, ndiye mmisiri uja timuuza chiyani?" Bola akanakalipa. Nyumba ija inagona nyengo ina ya mvula yopanda denga, ndipo achimwene anga kumudzi mpaka lero amaganiza kuti kunali kuvuta kwa ntchito chifukwa cha mliri.

Anthu okonda njira imeneyi amathamangira kutchula Warren Buffett, katswiri wa masheya wa ku Amereka, kuti mu 1993 anagulitsa maputi pa masheya a Coca-Cola n'kulandira madola 7.5 miliyoni. Zoona. Koma mkuluyo anali kale ndi masheya ambirimbiri a kampaniyo kwa zaka zingapo, ankaidziwa kunja ndi mkati, ndipo ndalama anaikapo sizinali za malata. Zimandinyansa anthu akamamutchula pofuna kukopa munthu wa madola 5,000. Ndipo pamene ndayamba kudandaula, ndinenenso za aja amawerengera phindu la pachaka. Amatenga piremiyamu ya mwezi umodzi n'kuchulukitsa ndi 12, monga ndinachitira ine m'galimoto muja, ngati miyezi yonse imafanana. Njira imeneyi imapatsa timadontho miyezi yambiri, kenako mwezi umodzi imatenga ndowa yonse. Amene wachita miyezi isanu ndi umodzi osapsa sanaonetse luso lililonse, mvula yake sinafike chabe.

Musaganize kuti ndikuti ndi juga. Kunena zoona, tsoka langa likanakhala lalikulu ndikanagula masheyawo pa 44 tsiku lomwe lija. Kugulitsa puti ndalama zonse zili pambali si koopsa kuposa kugula masheya 100. Vuto ndi lakuti ine masheya 200 a kampani imeneyo sindikanawagula ndi ndalama za nyumba. Piremiyamu ndi imene inandilowetsa pamalo pamene sindikanapondapo.

Pali kupweteka kwina kumene sikuoneka mu akaunti. Chaka chotsatira ndinayesanso, mosamala, pa kampani imene ndinkaifunadi. Miyezi itatu yotsatizana puti inatha yopanda ntchito, ine n'kumatola timadola tanga. Koma mtengo unkangokwera, ndipo pomaliza masheyawo ndinawagula modula kuposa pamene ndinayambira kuwadikira. Kampani ikakhala yabwino imakuthawa, ikadwala amakutulira pakhomo.

Tsono madola 5,000 anuwo

Tiyerekeze kuti mwasankha sitiraiki ya 48, pangano la masiku 35, ndipo piremiyamu ndi masenti 90. Pa sikirini musankha `Sell to Open`. Mulandira madola 90, ndipo madola 4,800 atsekeredwa mpaka pangano lithe. Onani kuti ndi pafupifupi ndalama zanu zonse, pa kampani imodzi, chifukwa kontirakiti sidulidwa pakati, ndi masheya 100 basi.

Tsiku lomaliza mtengo ukakhala pamwamba pa 48, madola 90 ndi anu, masheya mulibe. Ukakhala pa 46, masheya akubwera, ndipo mtengo wanu weniweni ndi 47.10, kusiyana ndi 52 ya lero. Apa ndi pamene mnzanu uja akunena zoona, mwagula motchipa ngakhale mwayamba ndi kutsalira madola 110. Ukagwa kufika pa 30, mugulabe pa 48, ndipo mwataya madola 1,710. Ukathamanga kufika pa 65, mwatsala ndi madola 90 pamene wogula lero wapindula 1,300. Phindu lanu lili ndi denga la madola 90, koma pansi palibe chokugwirani mpaka madola 4,710 kampani itagweratu.

Chinthu china chimene ambiri sachidziwa ndi ichi. Mtengo ukhoza kutsika kufika pa 47 pakati pa mwezi n'kubwereranso pa 53 pangano lisanathe. Amene anangoika oda yoti agule mtengo ukafika pa 48, ija imalembedwa `Limit`, masheya wawapeza. Inu wa puti nthawi zambiri simuwapeza, chifukwa mwini puti sathamangira kuigwiritsa ntchito masiku a pangano akadalipo. Ndiye ngati cholinga chanu ndi kukhala ndi masheyawo, puti si njira yotsimikizika. Ndipo kampani ikagawa phindu kwa eni masheya pa nthawi imene mukudikirayo, inu mulibemo.

Mukaganizabe zochita, yang'anani kaye tsiku limene kampani idzalengeze zotsatira za miyezi itatu. Likagwera mkati mwa pangano lanu, ndiye chifukwa chake piremiyamu ikuoneka yokoma, ndipo mtengo ukhoza kudumpha sitiraiki yanu usiku umodzi. Yang'ananinso mpata wa pakati pa `Bid`, mtengo umene ogula akupereka, ndi `Ask`, mtengo umene ogulitsa akufuna. Ngati ndi 0.60 ndi 1.20, puti imeneyo ilibe anthu, kulowa mulowa koma kutuluka mudzalira. Ikani mtengo wanu cha pakati, musalole kuti msika ukusankhireni. Buloka adzafuna kuti mupemphe chilolezo cha maopushoni, omwe ndi mapangano a mtundu wa puti, ndipo muonetsetse kuti chikole chake ndi ndalama zanu zenizeni, osati ngongole ya buloka. Lachisanu lomaliza, ngakhale senti imodzi pansi pa 48 ndi yokwanira kuti masheya abwere okha. Za msonkho funsani amene amakulemberani mafomu, koma kuno piremiyamu ya puti yotha yopanda ntchito imawerengedwa ngati phindu la nthawi yochepa, pamene masheya akabwera imangotsitsa mtengo umene mwagulira.

Kwa abale amene mukuwerenga muli kumudzi, musavutike kufunsa buloka wanu za zimenezi, pamsika wa masheya wa ku Blantyre maopushoni sagulitsidwa.

Ine ndikanakhala inu, ndi madola 5,000 okhawo, sindikanagulitsa puti. Ndikanagula masheya 30 lero, n'kuika oda ya ena 30 pa 48, zotsalazo n'kusunga. Koma ngati mtima wanu uli pa puti, tengani pepala mulembe kuti "ndagula masheya 100 pa 47.10, lero ali pa 30", mukawaonetse akunyumba kwanu musanadine kalikonse. Anga ndinawaonetsa zitachitika kale. Masheya a sitima aja ndinawagulitsa patapita chaka pa 27, ndipo malata tinagula ndi ndalama za mashifiti ena.