Nkhope ya uyu, kaimidwe ka uyo: bwanji pamatuluka mlendo?

"Ndili ndi kasitudiyo ka zithunzi pa boma la Ntcheu. Mkulu wa gulu lina la ngoma wandipatsa chithunzi chake cha pasipoti, akufuna posita yomuonetsa akuvina. Ndili ndi chithunzi china cha mnyamata wa gulu lomwelo atakweza mwendo, chishango kumanzere, chibonga kumanja. Ndikaika zonse ziwiri mu Gemini n'kulemba kuti aziphatikize, pamatuluka munthu woti si mkuluyo, si mnyamatayo. Ndilembe bwanji kuti zitheke m'pulomputi imodzi?"

Achimwene, vuto lalikulu silili pa mawu amene mukulembawo. Mwapatsa makina nkhope ziwiri pamene mukufuna imodzi. Mapulogalamu amenewa sadula mutu pa chithunzi china n'kuumata pa china monga mumachitira mu Photoshop. Amayang'ana zithunzi zonse ziwiri, n'kujambula chatsopano kuyambira pachiyambi, ndipo chilichonse chimene aona chimatha kulowerera. Mphuno imachokera kwa mkuluyo, masaya ndi unyamata zimachokera kwa mnyamatayo, ndiye mlendo uja n'kubadwa. Mukafuna kutsimikiza kuti vuto lanu ndi limeneli, yang'anani msinkhu: ngati munthu wotulukayo akuoneka wocheperapo zaka kuposa mkuluyo, imvi zachepa, makwinya a pachipumi asalala, ndiye kuti nkhope ya mnyamatayo yadontheramo.

Choncho musanalembe liwu ndi limodzi lomwe, chotsani nkhope pa chithunzi cha kaimidwe. Chitsegulireni mu pulogalamu iliyonse yokonzera zithunzi, ngakhale ya pafoni, mupake mtundu wotuwa pankhope ya mnyamatayo. Mutu wokha usachoke, chifukwa makina akufunika kuona pamene mutu uli ndi mmene wapendekera. Ena amangoiziziritsa nkhopeyo kuti isaoneke bwino, koma ine sindiikonda njira imeneyo, chifukwa kapangidwe ka chibwano ndi khungu zimaonekabe, ndipo nthawi zina makina amatengera kuzizirako n'kukupatsani nkhope ya chimbuuzi. Kupaka ndiko kumathetsa nkhani. Ngati kumbuyo kwa mnyamatayo kuli anthu oonerera, aduleni kapena apakeni nawonso, popeza nazonso ndi nkhope.

Tsopano pulomputi. Gemini ndi ChatGPT amamva malangizo olembedwa ngati ziganizo, ndiye ntchito yanu ndi kugawa maudindo: chithunzi ichi chipereke chakuti, icho chipereke chakuti, ndipo chilichonse muchiuzenso chimene chisapereke. Mawu akuti "phatikiza" ndi amene amakupwetekani, chifukwa makina amachitadi zomwezo, amasakaniza. Ikani chithunzi cha nkhope choyamba, cha kaimidwe chachiwiri, kenako mulembe motere. Ndailemba m'Chingerezi poti ndicho chimene mapulogalamuwa amachitsata mosaphonya:

```
Image 1: identity only. Keep this man's face, age, grey beard and dark skin tone exactly.
Image 2: pose and costume only. Do not use its face or background.
Photo of the man in Image 1 in the pose of Image 2: right knee raised, animal-hide shield in his left hand, club in his right. Head turned slightly toward the camera. Framed from the knees up, outdoor daylight, 4:5.
```

Taonani kuti kaimidwe ndakafotokozanso m'mawu ngakhale kali kale pachithunzi. Zimenezi n'zadala. Chithunzi ndi mawu zikamanena chinthu chimodzi, makina sasochera. Mukasiya chithunzi chokha, amatha kutsitsa mwendo uja n'kumuimika munthuyo chilili, poti ndi mmene anthu ambiri amaimira m'zithunzi zimene anaphunzirapo. Ndalembanso kuti "his left hand", dzanja lake lamanzere, osati kumanzere chabe. Kumanzere kwa wovina ndi kumanja kwa woonera, ndipo mukapanda kunena kuti ndi kwa yani, chishango chimasamukira dzanja lina. Munthu wa kwa Gomani akaona positayo pa msika wa Tsangano kapena pa Kampepuza, chimenecho ndicho adzayambe kuseka.

Za khungu ndatchula mwadala. Mapulogalamuwa ali ndi chizolowezi choyeretsa khungu lakuda ndi kulisalaza, makamaka ngati chithunzi cha pasipoti chinajambulidwa ndi fulashi yamphamvu imene inawalitsa chipumi. Chizindikiro chake mudzachiona pakhosi ndi m'manja: nkhope mtundu wina, mikono mtundu wina. Wovina ngoma amakhala mikono ndi miyendo zili pamtunda, ndiye kusiyanako sikubisika ngati mmene kungabisikire pa munthu wa jekete.

Pali zinthu ziwiri zimene pulomputi, ngakhale yolembedwa bwino chotani, singazikonze, ndipo apa mpamene ambiri amathera bandulo akubwerezabwereza.

Choyamba ndi mbali imene mutu wayang'ana. Chithunzi cha pasipoti chimaonetsa nkhope kutsogolo kokha. Sichinena kuti mphuno ya mkuluyo yatalika bwanji mukaiona cham'mbali, kapena kuti chibwano chake n'chotuluka kapena cholowa. Ngati mnyamata wovinayo anayang'ana kumbali kwenikweni kapena anaweramitsa mutu, makina amakakamizika kupeka mbali imene sanaione, ndipo chimene apekacho ndi nkhope ya munthu wamba. N'chifukwa chake m'pulomputi muja ndalamula kuti mutu utembenukire pang'ono ku kamera, ngakhale pa chithunzi cha kaimidwe sunatero. Thupi litsate mnyamatayo, mutu utsate chithunzi chimene muli nacho. Koma poti mkuluyo ali pomwepo pa Ntcheu, bwanji osamuitana? Mumujambule ndi foni panja pamthunzi, kamodzi kutsogolo, kamodzi atapotoloka pang'ono, popanda fulashi. Mukaika zonse ziwiri ngati zithunzi za nkhope, n'kusintha manambala m'pulomputi, kufanana kumakwera kuposa chilichonse chimene mungawonjezere m'mawu. Akakhala kuti akutumizirani pa WhatsApp, atumize ngati Document, chifukwa njira ya nthawi zonse ija imachifinya chithunzi n'kuchotsa timizere ta pankhope timene timamupanga munthu kukhala iyeyo.

Chachiwiri ndi kukula kwa mutu m'chithunzi chotulukacho, ndipo tiwerengere limodzi. Tinene kuti chithunzi n'chotalika mapikiseli 1024, ndipo munthu wathunthu, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, watenga 900 mwa amenewo. Mutu wa munthu wamkulu umalowa kasanu n'kawiri kapena kasanu n'katatu mu msinkhu wake, ndiye mutuwo wapeza mapikiseli ngati 120 basi. Mapulogalamu opanga zithunzi a mtundu wa Stable Diffusion amayamba kujambula pa chithunzi chofinyidwa kasanu n'katatu mbali iliyonse, kutanthauza kuti mutu wonse uli m'timabokosi pafupifupi 15 kuchoka pamwamba kufika pachibwano. M'malo ochepa chonchi simungakwane kampata ka m'mano, chipsera cha pansidze ndi kakhalidwe ka maso. Onjezerani nthenga za kumutu ndi chibonga chokwezedwa m'mwamba, zimene zimafunanso malo, mutuwo umacheperachepera. Mukadulira m'mawondo, mutu umapeza malo ochulukirapo. Mukadulira m'chiuno, umafika cha m'ma 250 kapena kuposa. Kwa inu kudulira m'chiuno sikungathandize, poti mwendo wokwezedwawo ndiye ngomayo, n'chifukwa chake ndasankha m'mawondo. Bondo lokwezedwa limaonekabe.

Mukachita zonsezi, kawirikawiri mumapeza thupi labwino ndi nkhope yoti mkazi wake angati "akufanana nawo", osati "ndi iwowo". Pamenepo musayambirenso. Sungani chithunzicho, muchiikenso choyamba, cha nkhope chija chachiwiri, n'kupempha chinthu chimodzi chokha:

```
Edit Image 1: change only the face to match the man in Image 2. Keep pose, costume, light and background unchanged.
```

Ndikudziwa kuti mwafunsa za pulomputi imodzi, ndipo imodzi imatheka ndithu mutu ukakhala waukulu komanso woyang'ana kutsogolo. Koma pa posita yoti ikapulintidwe pa pepala la A3, ulendo wachiwiriwu ndi wotchipa kuposa kubwereza woyamba uja kakhumi. Chenjezo lake ndi lakuti musapitirize kukonza pamwamba pa chokonzedwa kangapo, chifukwa ulendo uliwonse makina amajambulanso zonse ndipo nkhope imasuntha pang'onopang'ono. Zikakanika kawiri, bwererani ku chithunzi chimene munasunga chija.

Za Midjourney, pulogalamu inanso yopanga zithunzi, ndingonena mwachidule, poti ndi yolipira ndipo simunaitchule. Kumeneko maudindo sagawidwa ndi ziganizo koma ndi malo amene mwaika chithunzi. Cha kaimidwe chimakhala koyambirira kwa pulomputi, mphamvu yake n'kuisintha ndi `--iw`. Cha nkhope chimalowa pa `--cref` mu V6, pamene `--cw 0` amatanthauza kuti atenge nkhope yokha osatenga zovala, kapena pa `--oref` mu V7. Koma chithunzi cha koyambiriracho amachitenga ngati chitsanzo cha maonekedwe onse, osati lamulo la pamene chigongono chikhale, ndipo nkhope za anthu enieni samazigwira ndendende. Pa ntchito yanuyi sindingakutumeni kumeneko.

Amene amagwira kaimidwe molimba ndi ControlNet, imene inatuluka mu 2023, yogwira ntchito ndi Stable Diffusion. Gawo lake lotchedwa OpenPose limasandutsa chithunzi cha wovina kukhala kamunthu ka timitengo, madontho 18 a mafundo ndi kumutu olumikizidwa ndi mizere, kotero nkhope yachiwiri imatheratu yokha, ndipo nkhope yeniyeni imalowa pakhomo lina monga IP-Adapter FaceID kapena InstantID. Imafuna kompyuta ya khadi lamphamvu la zithunzi, ndiye si ya pafoni. Ilinso ndi malire amene angakukhudzeni: timitengoto sitidziwa chishango kapena chibonga, komanso sitinena bwino kuti ndi mkono uti uli kutsogolo. Pa wovina wonyamula zida, gawo la Depth, limene limasunga kutalikirana kwa zinthu ndi kamera, limachita bwino kuposa OpenPose yokha.

Chinthu china, poti thupi ndi zovala n'za mnyamata uja, muuzeni naye, ndipo mkuluyo aone chithunzicho asanachipulinte. Mapulogalamu ena amakana kusintha zithunzi za anthu enieni nthawi zina, makamaka akaganiza kuti ndi munthu wotchuka, ndiye akakana musadabwe. Musanapite ku pulinta, kulitsani chithunzicho pa sikirini muwerenge zala za dzanja logwira chibonga, muonenso ngati chishango chikadali cha chikopa, chifukwa makina amakonda kuchisandutsa chachitsulo chozungulira cha m'mafilimu a nkhondo. Zikatero onjezerani mawu akuti "oval cowhide shield" m'pulomputi yoyamba ija.