Mizati ya usipa ikunamiza maso

"Mnyamata wina watikonzera chithunzi cha malonda a gulu lathu la usipa kuno ku Mangochi, tikachionetse kwa otibwereketsa ndalama. Mu 2023 tinagulitsa zidebe 420, mu 2024 zidebe 460. Ndachiika pansipa, chili bwino?"

Achemwali, chithunzicho n'chokongola, koma musapite nacho kaye. Tayang'anani nambala zili kumanzerezo: pansi penipeni pa mizati palembedwa 400, osati 0. Ndiye mzati wa 2023 wangokwera masitepe 20, wa 2024 wakwera 60. Munthu wongoponya diso aona kuti malonda akula katatu, chonsecho mwaonjezera zidebe 40 pa 420, zomwe sizikukwana n'komwe 10 peresenti. Mzati umalankhula ndi kutalika kwake, mukaudula kumunsi wanama, ngakhale manambala onse ali oona. Tengani lula muyeze pa pepala. Ukayambira pa 0, wautaliwo ungoposa mnzake ndi kachidutswa kochepa, ndipo zoona zake n'zimenezo.

Kusankha mizati sanalakwitse, poti mukufananiza zaka ziwiri. Ngati anagwiritsa ntchito Excel, adine ndi batani lakumanja la mausi pa manambala akumanzerewo, asankhe Format Axis, pa Minimum alembe 0. Asayerekeze kusintha n'kujambula chozungulira chodula ngati keke chija. Chimenecho n'choonetsa magawo a chinthu chimodzi, monga usipa wa chaka chimodzi wopita ku Limbe ndi wopita ku Lilongwe.

Chandidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu ali pamwambawo, akuti "Malonda" basi. Malonda a chiyani, zidebe kapena makwacha? Wouma kapena wauwisi, chidebe cha malita angati? Alembe zonsezi. Obwereketsawa amakonda kufunsa za ndalama, ndiye mukadzajambula za makwacha mukumbukire kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mzati wa 2024 ungatalike chifukwa cha kukwera mitengo chabe, usipa uli womwewo. Muonenso m'kaundula ngati zaka zonse ziwiri zili ndi miyezi 12. Ngati mlembi anadumpha miyezi ya mwera mu chaka chimodzi, pamene asodzi amakhala masiku osalowa panyanja, zilembedwe pansi pa mzatiwo.

Za mitundu, 2023 waipaka kufiira ngati chinali chaka cha tsoka, 2024 kubiriwira. Akumuuziratu woonayo zoganiza. Komanso pali anthu, makamaka abambo, amene sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi. Ine zinandionekerapo: ndinakachita fotokope pepala lotere pa Boma, mizati yonse inatuluka yotuwa mofanana, kabokosi kofotokoza mitundu kaja n'kukhala kopanda ntchito. Apake mtundu umodzi, buluu, ndipo chaka achilembe pansi pa mzati, 420 ndi 460 pamwamba pake. Akakonza muponyenso kuno tichione.