Kusamutsa rejisita ya pamanja kuiyika pa tebulo

"Anzanga ndithandizeni, ndili ndi rejisita yolemba pamanja ya ana 40, ndikufuna ikhale pa kompyuta, madeti pamwamba maina chotsika, izindiwerengera yokha masiku omwe mwana wabwera. Ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, tsegulani Excel kaya Google Sheets, zonse zimatheka. Kolamu A ikani manambala, B maina, ndiye madeti ayambire pa C1 kumapita kumanja, masiku a sukulu okhaokha, Loweruka ndi Lamlungu asalowemo. Ngati mweziwo munaphunzira masiku 20 mukathera pa V, ndipo ana anu 40 akhala mzere 2 mpaka 41. Musanalembe kanthu dinani pa C2 musankhe View kenako Freeze Panes pa Excel, kuti mukamatsika maina ndi madeti azionekabe, apo ayi mupezeka mwajombetsa mwana wosalakwa.

Koma chimene ndikufuna mumvetsetse ndi zizindikiro. Mu buku muja muli timizere, timadontho, pena pofufutidwa, pena popanda kanthu, inu mumadziwa tanthauzo lake koma kompyuta siidziwa. Gwirizanani nazo zitatu basi: P wabwera, A wajomba, N tsiku lomwe mwanayo sanali wa kalasi yanu. Kabokosi kasatsale kopanda kanthu chonde.

Pa W2 ndi X2 lembani izi, kenako mukokere pansi mpaka mzere 41:

```
=COUNTIF(C2:V2,"P")
=COUNTIF(C2:V2,"A")
```

Peresenti pa Y2 ikhale `=W2/(W2+X2)`, mudine ka % kaja, osagawa ndi 20 ayi. Tiyerekeze mwana wabwera pa transifa tsiku lachisanu ndi chimodzi, masiku asanu oyambawo ndi N, pa 15 otsalawo wajomba kamodzi. Kugawa 14 ndi 15 kukupatsani 93%, koma mukagawa ndi 20 apeza 70%, ndiye muyamba kuitanitsa makolo a mwana yemwe amabwera mokhulupirika, ine izi zimandipweteka kwambiri.

Pansi pa C42 ikani `=COUNTIF(C2:C41,"P")` mukokere kumanja mpaka V, apa ndi pomwe mugwirire zolakwika. Polowetsa musamatsate mwana, tsatani tsiku, kolamu imodzi kutsika mutagoneka rula pa bukulo, mukafika pansi yerekezani ndi totala yomwe munalemba ndi cholembera tsikulo. Buku likuti 36 kompyuta ikuti 35, imani pomwepo, kawirikawiri mwadumpha mzere kapena mwasiya sipesi kutsogolo kwa P, imeneyo siioneka ndi maso koma fomula siiwerenga. Njira yachangu ndi kudzadza P paliponse kaye kenako muzingosintha ojomba, bola osadumpha kuyerekezako, chifukwa tsiku loyiwalika lioneka ngati ana onse analipo.

Bukulo musataye, pomwe inki yafufutika funsani yemwe anaitana maina tsiku limenelo musanalembe A.