Chaputala chanu chili ndi mfundo zonse, koma sichikunena kanthu

"Moni achimwene. Ndine mphunzitsi kuno ku Kasungu, ndikumaliza digiri, disateshoni yanga ndi yofufuza chifukwa chake alimi ang'onoang'ono akuchepetsa fodya n'kumalima soya. Asupavaiza andibwezera chaputala 4 ati zili ngati mndandanda wa zogula kugolosale, ndiikemo matopiki sentensi ndi mawu olumikiza. Ndathira 'kuwonjezera apo' paliponse koma akuti sizinasinthe. Ndakutumizirani ndime imodzi muone. Nditani?"

Zikomo asisi, ndimeyo ndaiwerenga kangapo. Choyamba mtima ukhale m'malo, ntchito yovuta ija yoyenda m'midzi ndi kuwerenga mabuku munaigwira kale ndipo ikuoneka. Chimene chikusowa ndi inuyo, maganizo anu pa mfundozo. Ndiye 'kuwonjezera apo' sangakuthandizeni chifukwa mawu amenewa amangouza wowerenga kuti nachi china, sanena kuti chinachi chikugwirizana bwanji ndi choyamba chija. Mukhoza kuwaika pakati pa ziganizo ziwiri zilizonse padziko pano n'kukhala bwinobwino, ndiye vuto lake lili pomwepo.

Ndigwiritse ntchito ndime yanu yomweyi. Ndaiika m'Chichewa kuti tonse tionere limodzi, inu mukabweza m'Chingelezi, nzeru yake ndi imodzimodzi.

"Fodya amalimidwa kwambiri ku Kasungu. Msika wa fodya uli ku Chinkhoma. Pulogalamu ya FISP inayamba mu 2005. Mu 2020 inalowedwa m'malo ndi AIP. Soya safuna feteleza wambiri. Alimi amene ndinacheza nawo anati feteleza wakwera mtengo. Amayi ambiri amalima soya ndi mtedza. Mavenda amagula soya pakhomo."

Chiganizo chilichonse apa n'choona. Koma tayesani ichi, tengani chiganizo chomaliza muike koyamba, chachitatu muike kumapeto, muwerengenso. Palibe chawonongeka eti? Ndime imene ziganizo zake mungazisokoneze chonchi osataya kanthu ndiye mndandanda umene asupavaiza akunenawo. Ndime yomangika bwino mukasuntha chiganizo chimodzi imagwa, chifukwa chilichonse chimatsamira pa chinzake.

Musanalembe chilichonse chatsopano, pirintani chaputalacho mutenge pensulo, m'mbali mwa chiganizo chilichonse mulembe mawu amodzi kapena awiri onena kuti chikukamba za chiyani. Pa ndime iyi ziganizo ziwiri zoyamba ndi mbiri ya fodya, ziwiri zotsatira ndi sabuside, chachisanu ndi chachisanu ndi chimodzi ndi ndalama zolowetsa m'munda, kenako amayi, kenako msika. Mwaona? Nkhani zisanu mu ndime imodzi. Palibe topiki sentensi imene ingaphimbe zonsezi, ngakhale mutakhala usiku wonse mukuifunafuna, ndipo ndikukhulupirira kuti apa ndi pamene munakakamira. Ndiye yambani mwagawa. Za Chinkhoma zipite ku chaputala 1 kumene mukufotokoza za dera, za amayi zikhale ndime yakeyake, za mavenda chimodzimodzi. Zotsala, feteleza, soya ndi sabuside, zimenezi ndi banja limodzi, tigwire ntchito ndi zimenezi.

Tsopano dzifunseni funso limene wowerenga aliyense amafunsa chamumtima: ndiye kuti chiyani? Feteleza wakwera, soya safuna wambiri, ndiye kuti chiyani pa funso la kafukufuku wanga? Yankho lake ndiye topiki sentensi, chiganizo chotsogolera ndime. Ndipo apa ndikhalepo pang'ono chifukwa ambiri amalakwitsa pamenepa. Amalemba kuti "Ndime iyi ikamba za feteleza." Umenewo ndi mutu chabe, sunanene kanthu, palibe angakutsutseni. Ena amalemba "Pali zifukwa zambiri zimene alimi akusiyira fodya", chimenechinso n'chotakata kwambiri moti chikhoza kutsogolera ndime iliyonse m'chaputala chonse. Chiganizo chotsogolera chenicheni ndi choti mnzanu wa m'kalasi atha kuimirira n'kunena kuti ayi sindikuvomereza, inu n'kumuyankha ndi ziganizo zotsatirazo. Mwachitsanzo: "Alimi amene ndinacheza nawo akuchepetsa fodya makamaka chifukwa ndalama zolowetsa m'munda zawakulira." Ichi wina atha kutsutsa kuti ayi, ndi mitengo ya kuokushoni, ndipo n'chifukwa chake chili bwino.

Chonde pano musamale. Chiganizo chimenechi mulembe pokhapokha ngati ndi zimene alimi anu ananenadi, ine ndaona ndime imodzi yokha, deta yonse ili ndi inu. Ndipo onani kuti ndalemba "alimi amene ndinacheza nawo", sindinalembe "alimi a m'Malawi". Munthu akayamba kuphunzira kulemba ziganizo zolimba amakonda kupitirira muyeso, n'kunena zazikulu kuposa umboni wake, ekizamina amagwira pomwepo.

Ndimeyo ikhoza kukhala chonchi:

"Alimi amene ndinacheza nawo akuchepetsa fodya makamaka chifukwa ndalama zolowetsa m'munda zawakulira. Chimene anachitchula kwambiri ndi kukwera mtengo kwa feteleza, amene fodya sangachite bwino popanda iye. Ngakhale kuti boma lakhala likuthandiza alimi kugula feteleza motsika mtengo, kuyambira FISP mu 2005 kufika AIP mu 2020, thandizo la AIP kwenikweni linali la chimanga, kotero mlimi wa fodya amafunika kupeza yekha feteleza wa fodyayo kapena kutenga pangongole. Soya ndi wosiyana, poti ndi mbewu ya m'gulu la nyemba imene mizu yake imathandiza kuika nayitirojeni m'nthaka, safuna feteleza wochuluka choncho. N'chifukwa chake mlimi amene alibe ndalama mvula ikamayamba amaona soya ngati mbewu imene angaikwanitse."

Mfundo ndi zomwe zija, koma taonani mawu amene alowa: ngakhale kuti, kotero, poti, n'chifukwa chake. Sindinawatenge pa mndandanda n'kuwawaza ngati mchere, anabwera okha nditadziwa kuti sabuside ikuoneka ngati ikutsutsa mfundo yanga ndiye ndiyenera kuiyankha, ndipo soya akulowa pofananiza. Mlumikizi aliyense ndi lonjezo. Mukalemba 'choncho' mwalonjeza kuti chotsatirachi chachokera pa chapitachi, mukalemba 'koma' mwalonjeza kutsutsana. Ndinawerengapo dirafuti ina ya mnzanga imene 'choncho' analipo pafupifupi chiganizo chilichonse koma palibe chinkachokera pa chinzake, ndipo inali yovuta kuwerenga kuposa mndandanda wamba chifukwa umangobwerera m'mbuyo kufuna chifukwa chimene kulibe. Mukapeza ziganizo ziwiri zimene mlumikizi yekhayo wokwanapo ndi 'komanso', imani kaye, mwina chimodzi si cha ndime imeneyo.

Pali kulumikiza kwina kosaonekera kumene ndimakukonda kwambiri. Yambani chiganizo ndi chinthu chimene wowerenga wachimva kale, chatsopano chibwere kumapeto. Mu ndime ija chiganizo choyamba chathera pa ndalama zolowetsa, chachiwiri chatenga pomwepo n'kufika pa feteleza, chachitatu chagwira feteleza n'kutifikitsa pa sabuside. Zili ngati kuluka mphasa, bango lililonse limagwidwa ndi chingwe chomwe chagwira linzake. Mukachita zimenezi alumikizi mufuna ochepa.

Pakati pa ndime ndi ndime njira ndi yomweyo. Ndime ya mavenda ija isangoyamba kuti "Mavenda amagula soya pakhomo." Iyambe ndi phazi limodzi kumbuyo lina kutsogolo, monga "Kuchepa kwa ndalama zolowetsa si chokhacho chikukokera alimiwa ku soya, kagulitsidwe kakenso n'kosavuta." Theka loyamba latseka ndime yapita, lachiwiri latsegula yatsopano, ndipo chiganizo chomwecho ndi topiki sentensi. Kenako mavenda alowe ngati umboni, wogula amafika pakhomo ndi sikelo yake n'kulipira pompo, pamene fodya pamafunika kumanga mabelo, kupeza thiransipoti ndi kudikira kuti agulitsidwe. Ngati alimi anu anadandaula za sikelo za mavenda kapena mitengo yotsika nthawi yokolola, musabise, apo ndi pamene 'koma' weniweni akhale.

Za zikwangwani, kapena kuti kuuza wowerenga kumene mukupita naye, sindichulutsa. Mukakwera minibasi ku Lilongwe kupita ku Kasungu kondakitala amaitana Mponela, Madisi, Kasungu, basi mwadziwa ulendo wanu, satchula mtengo uliwonse wa m'mbali mwa msewu. Kumayambiriro kwa chaputala ikani ziganizo zitatu kapena zinayi: funso limene chaputalachi chikuyankha, yankho mwachidule, ndi magawo ake motsatana. Mwachitsanzo "Chaputala ichi chikuyankha funso loyamba la kafukufukuyu, loti n'chifukwa chiyani alimi akuchepetsa fodya. Gawo 4.1 likuonetsa kuti ndalama zolowetsa ndiye chifukwa chachikulu, 4.2 ikuona za msika, ndipo 4.3 ikufotokoza chifukwa chake amayi ndi amene ali patsogolo pa soya." Yankho musalisunge mpaka kumapeto ngati nthano, ekizamina ali ndi madisateshoni ambiri patebulo, akufuna adziwe msanga chimene mukuteteza. Kumapeto kwa gawo lalikulu chiganizo chimodzi chonena chimene tapeza ndi chimene chatsala n'chokwanira. Mukayamba kulemba "monga ndanenera kale" ndi "tsopano tiona" pa ndime iliyonse mwadya mawu anu pachabe, ndipo madipatimenti ambiri amaika malire a mawu. Chikwangwanichi mulembe pomaliza mukatha kukonza magawo, chifukwa mukasuntha 4.2 n'kuiwala kusintha mawu oyamba aja ndiye mwalozera munthu njira yolakwika.

Mukamaliza chaputala chonse, tsegulani fayilo yatsopano mukopere chiganizo choyamba cha ndime iliyonse, motsatana, popanda china chilichonse. Ngati ndime zilipo 25 mupeza ziganizo 25, tsamba limodzi kapena kupitirira pang'ono. Muwerengere mokweza mphunzitsi mnzanu mu sitafu rumu amene sadziwa za kafukufuku wanu, ndiye mumufunse kuti wamva kuti mukuti chiyani. Akatha kukubwezerani nkhani yonse, mafupa a chaputala ali bwino. Pamene wakwinya nkhope pali dzenje, mwina pakusowa ndime kapena ndime ziwiri zasinthana malo. Ziganizo ziwiri zikamanena chimodzimodzi phatikizani ndimezo. Ndipo mukapeza chiganizo chongoti "wolemba wakuti anapeza zakuti", dziwani kuti ndimeyo ikutsogoleredwa ndi munthu wina osati inu, zimenezi muzipeza zambiri mu chaputala 2 cha zolemba za ena, kumene ndime iliyonse imayamba ndi dzina ndi chaka. Kumeneko sanjani olembawo potengera zimene akugwirizana kapena kutsutsana, mawu anu ayambe, mayina awo abwere pambuyo ngati mboni.

Musayese kukonza disateshoni yonse wikendi imodzi muli ndi makope a ana oti muchonge. Konzani gawo 4.1 lokha, mulitumize kwa asupavaiza pamodzi ndi katsamba ka ziganizo zoyamba kaja, muwafunse ngati ndi zimene amatanthauza. Akavomera ndiye mupitirize ndi 4.2, ndipo ndime ya amayi ija mukaigawa munditumizireko ndiione, ndikuganiza kuti muli nkhani yaikulu m'menemo imene mwaipatsa chiganizo chimodzi chokha.