Wilibala ya Amalume

Chisomo: Achemwali, nditumizireni timawu todzilimbikitsa tomanena usiku. Tadala wakwana masabata 5, akudzuka maola awiri aliwonse. Nthawi zina ndimaona ngati zaumayizi sindikuzitha. Timawu chabe, musandilalikire.

Yankho la mawu la Esinati, lolembedwa:

Iwe Chisomo... aa pepani, amake Tadala, paja tsopano ndinu akuluakulu. Uthenga wako ndauona 3 koloko ya usiku, ndiye nthawiyo yokha yandiuza zambiri kuposa zimene walembazo. Dikira ndichotse poto pamoto, magetsi abwera pompano, ndikuthamangitsana nawo.

Eya, ndabwera. Ndikufunse kaye. Wanena ndani kuti mkaka wako ndi wochepa? Usandibisire. Ine ndikudziwa kuti apongozi ako afika Lachisanu kuchokera ku Mabvuku, ndipo pachithunzi chija unatumiza Lamlungu ndinaona kachitini ka mkaka wa kusitolo pamwamba pa kabati, kuseri kwa fulasiki. Unayesa sindiona? Ine maso anga ndi a agogo aakazi, amaona ndi za kuseri kwa chitseko. Ndiye iweyo sukufuna timawu ayi, ukufuna munthu akuuze ngati mwanayo akukhuta.

Koma ndisanafike kumeneko... ukukumbuka za amalume a Yohane ndi wilibala? Ayi, sungakumbuke, unali usanabadwe. Kapena unali kumsana? Ayi, amene anali kumsana ndi Limbani, chifukwa ndi chaka chija cha mbuzi ya a Phiri. Basi, iwe kunalibe.

Nthawi imeneyo amalume anali mlonda pamalo ena ogulitsa matabwa ku Workington, akukhala ku Mufakose, nyumba ija ya mtengo wa mapeyala. Ntchito yawo usiku inali kuzungulira mpanda ndi kuwerenga katundu. Mawilibala analipo 12, omangidwa pa tcheni chimodzi. Mwezi wa Juni, ukudziwa mmene Harare amazizirira mu Juni, chisanu cholowa m'mafupa. Amalume avala chikhoti chija chachikulu, chija anadzaikidwa nacho... eeh, chomwecho. Akoleza mbaula. Anali atagwira mausiku asanu ndi limodzi otsatizana chifukwa mnzawo anadwala, masana osagona bwino, ana a azakhali ali phokoso pabwalo.

Ikukwana cha m'ma 3 koloko, adzuka kukawerenga. Apeza 11. Awerenganso, 11. Ayatsa tochi, kugwira imodzi imodzi ndi dzanja ngati akuwerenga ng'ombe m'khola. 11 basi. Mtima phaa! Akuti pomwepo anaona zonse: apolisi, ndende, azakhali akulira, ana akuthamangitsidwa m'nyumba. Bambo wamkulu uja anasiya mbaula ikuyaka, nayenda wapansi mpaka ku Mufakose mumdima. Kufika, akugogoda pawindo, "Nabanda, dzuka, manga katundu, tikubwerera kumudzi." Azakhali akuti, "Kumudzi kuti?" Iwo, "Ku Dedza!" Munthu amene anachoka ku Dedza ali mnyamata, njira ya ku Nyamapanda sakuidziwanso bwino. Azakhali, iwe ukuwadziwa, anayambadi kukulunga mapoto m'chitenje. Mayi anga amati anafika kukawatsanzika n'kupeza ngakhale mtondo wamangidwa chingwe.

Kutacha, kapitawo watulukira panjinga. Amalume abisala kuseri kwa chimbudzi. Kapitawo akuti, "Auzeni a Yohane kuti akamachoka azibweza wilibala pa tcheni, taipeza pafupi ndi mbaula, muli katoni ndi chipewa chawo."

[akuseka] Chisomo, wilibala ya nambala 12 ndi imene ankakhalamo! Anaimasula okha madzulo kuti ikhale mpando, n'kuiwala. Usiku onse akusaka chinthu chimene chinali kumatako kwawo. Mpaka kumwalira, ukangoti "wilibala" pamaliro kapena paukwati, amalume ankanyamuka n'kupita kukasuta fodya kunja.

Koma chimene anthu amasiya akamafotokoza nkhaniyi ndi ichi. Kuyambira tsiku limenelo amalume ankayenda ndi choko m'thumba. Ankawerenga katundu dzuwa lisanalowe, n'kulemba pakhoma la kanyumba ka alonda. Usiku mtima ukayamba kuwanamiza, ankaunika pakhomapo n'kunena mokweza, "Ndinawerenga kukuwala. Zilipo. Mlandu tikamba mawa." Ine ndinawamvapo akunena zimenezi ali pa penshoni kale, akufunafuna magalasi awo.

Ndiye... ndimati chiyani? Eya, mkaka.

Tamvera, zaka zonsezi ndakhala ndikuyeza ana kusikelo, amayi ngati iwe ndimawaona tsiku lililonse. Mwana wa masabata 5 kudzuka maola awiri kapena atatu aliwonse, palibe chalakwika. Kamimba kake n'kakang'ono, kangafanane ndi dzira la nkhuku, ndipo mkaka wa m'mawere sukhalitsa m'mimba. Amayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa tsiku, usiku womwe. Komanso sanayambe kusiyanitsa usana ndi usiku, zimenezo zimayamba kukhazikika cha pa miyezi iwiri kapena itatu. Ndipo ndikuchenjeze usadadabwe: kulira kwa makanda kumafika pachimake cha pa masabata 6, makamaka madzulo, kenako kumayamba kutsika pofika miyezi itatu kapena inayi. Madzulo akamafuna bere, kusiya, kufunanso patangopita mphindi 20, apongozi aziti "mwaona, sakukhuta." Si zimenezo. Kuyamwa pafupipafupiko ndi kumene kumauza thupi lako kuti lipange wambiri. Ukayamba kumupatsa wa m'chitini m'malo mwa bere, m'pamene wako uyambedi kuchepa.

Kukhuta kwa mwana sitiyeza ndi kulira. Timayeza ndi matewera ndi sikelo. Matewera onyowa 6 kapena kuposa pa tsiku, mkodzo wosachita chikasu kwambiri, ndiye kuti mkaka ukulowa. Tsopano tenga khadi lake lija. Unatiuza wekha m'gulu muno kuti anabadwa ndi 3.1 kg, ndipo pa masabata anayi anali 3.5. Makanda amayamba atsika kaye masiku oyamba, n'kubwerera pa kulemera kobadwa nako pakatha pafupifupi masabata awiri. Ndiye magalamu 400 amenewo wawapeza m'masabata awiri okha, 200 pa sabata. Ife timasangalala tikaona 150 mpaka 200. Wanenepa ndi chiyani mwanayo, ndi tiyi wa apongozi? Ndi iweyo, mtsikana iwe.

Timawu tija tsopano. Ndikanatha kukutumizira tija ta maluwa timayenda pa WhatsApp, "ndine mayi wamphamvu, ndine mayi wodabwitsa." Koma ndikukudziwa. 3 koloko usiku, mwana akukuwa, bulauzi yanyowa mkaka, ukanena kuti "ndine wodabwitsa" mtima wako ukuyankha kuti "bodza." Ndiye ugona woipirapo kuposa poyamba. Mawu amene amagwira ntchito nthawi imeneyo ndi amene ungawaloze ndi chala. Mata pepala pachitseko cha kuchipinda, thewera lililonse lonyowa ukhwatche kamzere. Usiku ukayamba kuganiza zambiri, unika foni papepalapo unene kuti, "Lero matewera 7. Mkaka ulipo." Akalira, "Akulira chifukwa ndi khanda, sakundiimba mlandu." Ndipo aja a amalume, "Ndatopa, sindinalephere. Mlandu tikamba mawa." Basi, atatu omwewo. Usawonjezere, mutu wosagona susunga ndime.

Uwanene mokweza pang'ono, osati mumtima. Mumtima muli kale phokoso.

Komatu mawu salowa m'malo mwa tulo, asakunamize munthu. Munthu wodzutsidwa maola awiri aliwonse kwa mwezi wathunthu amawerenga mawilibala 11, kaya ndi wanzeru bwanji. Umafunika maola anayi otsatizana, kamodzi kokha pa tsiku. Chita chonchi: madzulo ufinyire mkaka m'kapu yoyera yovindikira, umakhala bwino maola anayi ngakhale firiji itazima. Cha m'ma 8 koloko umuyamwitse akhute, umupereke kwa alamu, iwe ukagone chipinda china, chitseko chotseka. Akadzuka cha m'ma 10, amumwetse ndi kakapu pang'onopang'ono, amugeyetse paphewa. Iwe akudzutse 12 koloko. Alamu, ndikudziwa muli m'gulu muno ndipo mukumvera, mpira wa usiku uja muzionera mwana ali pachifuwa. Koma tulo tikakugwirani musagone naye pasofa, n'zoopsa zimenezo. Mugonekeni chagada pamalo pake, opanda pilo. Apongozinso apatseni ntchito, azichapa matewera ndi kuphika phala la amayi, adzaiwala zoyang'anira mabere a eni.

Chinanso... ichi ndikunena ndisakuseka. Kulira kwa mayi kopanda chifukwa kwa masiku oyamba atangobereka, kumatha pasanathe masabata awiri. Iwe uli pa 5. Ndiye ndiyankhe kumbali, osati muno: mwana akagona, nawe tulo timabwera, kapena umangoyang'ana kudenga? Nsima ikulowa? Pali chimene chikukusangalatsabe? Ngati mtima wakhala wolemera tsiku ndi tsiku, kapena akubwera maganizo odzivulaza kapena ovulaza mwana, amenewo si a pepala la pachitseko. Ndi matenda, amachizika, ndipo usadikire tsiku la sikelo. Anzathu achishona amati kufungisisa. Ukudziwa agogo aja amakhala pa benchi kunja kwa makiliniki ena, a Friendship Bench? Anayambitsa ndi Dr Dixon Chibanda konkuno ku Harare, ku Mbare, ndipo agogowo anaphunzitsidwa kumvetsera nkhani ngati zimenezi. Ukapita sabata yamawa ku katemera wa masabata 6, uwauze anamwino za iwe mwini, osangoti za Tadala. Kumbali ya mwana, akatentha thupi kufika 38, akakana bere, matewera akachepa, kapena liwombo likalowa m'kati, nyamuka nthawi yomweyo, usayambe wafunsa gulu lino.

Ndiye wamva? Usiku usamadziweruze, uzingowerenga timizere. Chimene unalemba kukuwala ndicho choona, za 3 koloko ndi za wilibala.

Loweruka ndikwera kombi ya m'mawa, ndifika ku Dzivarasekwa cha m'ma 9. Usasese, usaphike, ndikapeza wakolopa ndibwerera pageti. Ndimutenga Tadala kumsana, iwe ukagone mpaka udzuke wekha. Apongozi ndilankhula nawo ine, mwaulemu wake, usaope. Pepala lija ulimate lero lomwe, ndidzafuna kuona timizere ta masiku atatu, ndipo mlandu wako tidzaukamba masana, utadya.

Iii, ndiwo zanga zikupserera. Limbani, ukamvera uthengawu usauze azakhali kuti ndafotokozanso za mtondo.