Madola 200 pamwezi kwa mwana wa ku UZ: mungawagawe bwanji

"Abale, mwana wa mlongo wanga wa ku Kadoma wapeza malo ku UZ, yunivesite ya Zimbabwe ya mu Harare, koma chipinda cha pasukulu sanachipeze. Ine malume wake ndingakwanitse madola 200 pamwezi. Ndigawe bwanji kuti lendi, chakudya, bandulo ndi ulendo wokaona mayi ake zikwanire? Ndi mtsikana, chaka choyamba."

Amalume, ikwana, koma yothina, ndipo ikwana pokhapokha musamupatse yonse tsiku limodzi. Ana ambiri amene amaimba foni pa 18 kuti zatha sakhala osakaza ayi. Amakhala kuti analandira ndalama ya lendi, ya ndiwo ndi ya basi m'thumba limodzi, ndiye chilichonse chimadya chinzake. Mitengo imene ndiike pansipa ndi yoyerekezera; mukayenda nokha ku Mount Pleasant, kumene kuli UZ, ndi ku Mbare muikonze, koma kagawidwe kake musakasinthe.

Yambani ndi chipinda, chifukwa ndicho chimalamula zina zonse. Tiyerekeze mwapeza malo awiri. Oyamba ali pafupi ndi sukulu, poyenda pansi, atsikana atatu kapena anayi m'chipinda chimodzi, aliyense madola 90. Achiwiri ali kutali, madola 60, koma kuti akafike m'kalasi akwere kombi yopita m'tauni kenako ina yopita ku Mount Pleasant. Ngakhale kombi iliyonse itakhala masenti 50, kupita ndi kubwera ndi madola 2 patsiku. Masiku 22 a sukulu, madola 44. Chipinda chotchipa chija chafika pa 104, ndipo sitinawerenge madzulo a mvula pamene makondakitala amakweza mtengo, kapena tsiku limene chenji chasowa dola yonse n'kupita. Tengani cha pafupi.

Musanalipire, mukachione ndi maso, ndipo mufunse mwini nyumba mafunso anayi. Magetsi ali m'kati mwa lendi kapena ana amasonkherana kugula tokeni ya ZESA? Madzi a khonsolo akasiya kutuluka, pali mjigo kapena thanki? Intaneti ya m'nyumba ilipo, ndipo amagawana anthu angati? Nanga patchuthi amalipiritsa zingati kuti bedi lisapatsidwe wina? Funso lomalizali ndi limene anthu amaiwala, n'kudzadabwa ndi ngongole ya miyezi imene mwana anali ku Kadoma. Dipoziti nayo ikhale ndi risiti yolembedwa tsiku ndi ndalama zake. Munthu wa pa WhatsApp wokuuzani kuti mutumize kaye ndalama kuti akuonetseni nyumba, musiyeni. Lendi muzipereka nokha kwa mwini nyumba, isamadutse m'manja mwa mwana.

Zatsala 110. Chakudya tichipatse 54, koma m'magawo awiri. Madola 30 apite kogula zouma kamodzi kumayambiriro a mwezi: ufa makilogalamu 10, mpunga makilogalamu 2, mafuta ophikira malita 2, shuga, nyemba makilogalamu 2, soya, matemba, mchere ndi masamba a tiyi. Ufa umenewo munthu mmodzi umamukwanira mwezi wathunthu ngati sakudyetsa chipinda chonse. Poti inu muli mu Harare momwemo, muguleni zinthuzi n'kukamusiyira. Madola 24 otsalawo ndi a zowonongeka msanga, tomato, anyezi, masamba, mazira ndi buledi, ndipo muzimupatsa 6 Lolemba lililonse. Musamugulire ndowa ya tomato ku Mbare Musika poti yatchipa. Magetsi akazima firiji ya anthu khumi imasanduka kabati, theka n'kuola. Ndowa imapindula akagawana atsikana anayi.

Chimene chimagwetsa gawoli ndi nkhomaliro. Mbale imodzi yogula pasukulu ikakhala dola ndi theka, masiku 22 ndi madola 33, kuposa ndalama yonse ya ndiwo. Aziphika madzulo chakudya cha kawiri, china anyamule m'kontena. Mukaona ya sabata ikutha Lachitatu, musafunse zambiri, akudya kogula.

Gasi ndi magetsi ikani 12. Kasilinda ka makilogalamu 3 kamatha pafupifupi mwezi kwa munthu mmodzi wophika mosamala, koma nyemba zosaviika zimakamaliza msanga. Aziviika usiku wonse, n'kuphika zambiri kamodzi. Pa tokeni, mayunitsi oyamba kugulidwa pamwezi amatchipa, mtengo n'kumakwera mukamaonjezera. M'nyumba ya ana ambiri pa mita imodzi, amene wagwera kugula kumapeto a mwezi amapeza mayunitsi ochepa pa ndalama yomweyo, mkangano n'kuyamba. Bwino onse asonkhe mofanana pa 1.

Bandulo ndi 12, ndipo apa pamafunika kumukhazika pansi. Agule ya mwezi ya intaneti yonse, osati ya WhatsApp yokha, chifukwa imeneyo satsegula nayo tsamba la sukulu kapena imelo. Timabandulo ta tsiku timaoneka totchipa, koma dola lero dola mkucha, pakutha pa mwezi wapitirira 12 kalekale. Ayese Econet ndi NetOne ali m'chipinda chake chenicheni asanasankhe, pakuti netiweki imasiyana nyumba ndi nyumba. Zolemera monga mavidiyo a maphunziro ndi mabuku azitsitsa ali pasukulu pa intaneti ya yunivesite. Mbala yaikulu ndi laputopu: akailumikiza ku foni, Windows imayamba kudzikonza yokha n'kumeza bandulo ya mwezi usiku umodzi. Atsegule Settings, apite pa Network & Internet, kenako pa Wi-Fi, asankhe dzina la foni yake, ayatse Metered connection. Asamasiyenso mayunitsi oimbira ambiri m'foni, chifukwa bandulo ikatha intaneti ikhoza kuyamba kudya amenewo pamtengo wokwera.

Kombi ya apo ndi apo yopita m'tauni, 8. Sopo, mafuta odzola, zofunika za atsikana pamwezi ndi kusindikiza ntchito za m'kalasi, 9. Za atsikanazo mwana sangakuuzeni inu malume wake, ndiye ndalamayo ingoikidwa osadikira kupemphedwa, kapena akazi anu ndiwo azimufunsa.

Ulendo wa ku Kadoma ndi makilomita pafupifupi 140, si wa sabata iliyonse. Muziika pambali madola 7 pamwezi, muzisunga inuyo. Miyezi iwiri ikakwana muli ndi 14, yopitira ndi kubwerera, kutanthauza kawiri pa semesita. Apewe kunyamuka tsiku loti mawa ndi Isitala, tchuthi cha Ogasiti kapena Khirisimasi, pamene mabasi amadzaza mitengo n'kukwera. Ya pobwerera muzimutumizira tsiku lobwereralo, apo ayi ithera ku zosowa za pakhomo, ndipo mwana sangakanize mayi ake. Pobwera anyamule ufa kapena mtedza ngati zilipo. Ulendo wa kumudzi ku Malawi, wodzera pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, sungatuluke mu 200 imeneyi. Umenewo ndi wosonkherana banja padera.

Zatsala 8. Imeneyo ndi ya mwadzidzidzi, mankhwala, chaja yakufa, maliro, ndipo ikhale kwa inu.

Pa katumizidwe, mukatumiza pa EcoCash kapena InnBucks pamakhala msonkho ndi ndalama yodulidwa potulutsa, ndiye 6 wotumizidwa safika 6 m'manja. Muziwonjezera kangachepe pamwamba, kapena muzimupatsa pamanja maenvulopu anayi olembedwa masabata ngati ndi mwana wodzigwira. Akhale mapepala a dola imodzi imodzi, osang'ambika, chifukwa ong'ambika ambiri amawakana, ndipo pepala la 10 pa kombi kapena pa tebulo la tomato limavuta chenji. Mwini nyumba mugwirizane naye polemba kuti lendi ndi ya madola kapena ZiG, ndalama ya Zimbabwe, ndipo ikakhala ZiG, mtengo wosinthira ndi uti.

Mwezi woyamba wokha musauwerengere pa 200. Pali dipoziti, silinda ndi chitofu chake, mapoto awiri, ndowa ya madzi, loko wa sutikesi ndi bulangeti lokhuthala, pakuti Juni ndi Julayi wa mu Harare mumamudziwa. Konzekerani pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndipo mumuuze alembe m'kakope chilichonse chimene wagula masiku 30 oyambawo, kuti mwezi wachiwiri mudzagawe ndi manambala ake enieni.