Pikapu ya koyilo imodzi ndi hambaka: kusiyana kwake kuli pati?

"Abale, gitala yanga ndi ya mtundu wa Stratocaster, ya mapikapu atatu a koyilo imodzi, koma ndikangoponda distoshoni imalira kuti mmmm mpaka kugonthetsa m'khutu. Kodi hambaka imasiyana bwanji ndi amenewa, nanga yoyenera nyimbo za roko ndi iti?"

Achimwene, gitala yanuyo sinawonongeke, ndipo musathamangire kugula ina musanadziwe kumene kulirako kukuchokera. Pikapu ya mtundu umenewu ndi magineti okulungidwa ndi waya wa kopa woonda ngati tsitsi. Pa Stratocaster wayayo amazungulira pafupifupi ka 8,000 pa timagineti tisanu ndi kamodzi, kamodzi pansi pa nsambo iliyonse, ndipo nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pake, mu wayamo mumabadwa magetsi ochepa amene ampu imawakuza kukhala mawu. Vuto ndi lakuti waya wokulungidwayo, amene ndiye koyilo, sasankha chotola. Amatolanso mphamvu yochokera ku mawaya a magetsi a m'khoma, ku thiransifoma ya ampu ndi ku machubu owunikira. Magetsi athu kuno amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo kulira kwa besi kumene mukumvako ndi komweko, pomwe ku America, kumene amasinthasintha ka 60, kumamveka kokwererako pang'ono.

Hambaka inapangidwa kuti ithetse zimenezi. Seth Lover wa ku kampani ya Gibson anaikonza mu 1955, ndipo inayamba kuikidwa pa magitala a Les Paul mu 1957. Iye anagundanitsa makoyilo awiri, n'kuwalumikiza motembenuzana, kenaka n'kutembenuzanso mbali ya magineti imene ili pansi pa koyilo yachiwiri. Kulira kwa magetsi a m'khoma kumalowa m'makoyilo onse mofanana, chifukwa sikudalira magineti a pikapu, ndipo popeza makoyilowo ndi otembenuzana, kumene kwalowa kwinaku kumafafaniza kumene kwalowa uku. Mawu a nsambo okha ndi amene atembenuzidwa kawiri, ndi magineti komanso ndi waya, motero amaphatikizana n'kutuluka amphamvu.

Nzeru imeneyi inasinthanso kamvekedwe. Makoyilo awiri olumikizidwa motsatizana amakhala ndi waya wambiri, ndipo waya akachuluka mawu okwera amachepa pamene apakati akunenepa. Komanso hambaka imamvera nsambo pa malo awiri otalikirana pang'ono, zomwe zimafafaniza tina mwa timanjenje tating'ono kwambiri ta nsamboyo. Ndiye chifukwa chake koyilo imodzi imatulutsa mawu akuthwa ndi owala, moti kukhudza kulikonse kwa chokhwatchira kumamveka, pomwe hambaka imatulutsa mawu onenepa, olemera, ofika msanga pomwe ampu imayambira kusasa.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya roko, ndipo ine ndimaona kuti chosankhira chenicheni si dzina la mtundu wa nyimbo koma kuchuluka kwa geni imene mumaimbira, ndiye kuti mlingo umene ampu kapena pedo imakuzira mawu olowa mpaka kusasa. Distoshoni imakuza chilichonse cholowa, koma mawu a nsambo amafika pa malire n'kuima, pamene kulira kuja, kumene kunali kochepa, kumapitirira kukula mpaka kutsala pang'ono kufanana ndi nyimboyo mukasiya kukhwatcha. Imachulukitsanso mawu okwera, kotero kuti kuthwa kumene kumakometsa koyilo imodzi pa mawu oyera kumasanduka kulasa m'khutu. Pa geni yochepa kapena yapakati, koyilo imodzi imapambana, chifukwa nsambo iliyonse ya kodi imamveka payokha. Mark Knopfler wa Dire Straits, David Gilmour wa Pink Floyd ndi Jimi Hendrix anadziwika ndi Stratocaster, ndipo magulu ambiri a roko yopepuka amayenda njira yomweyo. Pa roko yolemera, ya makodi a nsambo ziwiri kapena zitatu ogunda mwamphamvu, hambaka ndiye mwini bwalo: Angus Young wa AC/DC ndi Gibson SG yake, Slash ndi Les Paul. Oimba meto ena, monga a Metallica, anafika pogwiritsa ntchito mahambaka a EMG oyendera batire la mavoti 9, amene ndi achete koposa.

Malire amenewa si mpanda wa njerwa. Jimmy Page anajambula chimbale choyamba cha Led Zeppelin, chotuluka mu 1969, makamaka ndi Telecaster ya koyilo imodzi, ndipo Ritchie Blackmore anaimba roko yolemera ya Deep Purple ndi Stratocaster. Palinso P-90 ya Gibson, yomwe ndi ya koyilo imodzi koma yotakata, ya mawu onenepa ndi aukali, ngakhale pa kulira siisiyana ndi zinzake.

Tsono tibwere pa gitala yanuyo. Yatsani distoshoni monga mwa masiku onse, ndipo mutsitse voliyumu ya pa gitala mpaka pansi. Phokoso likatsala, mapikapu alibe mlandu, ndipo muyang'ane chingwe, adaputa ya pedo kapena ampu. Likatha, kwezaninso voliyumu n'kutembenuka pang'onopang'ono mutanyamula gitala. Kulira kotoledwa ndi koyilo kumakula ndi kuchepa malinga ndi kumene mwayang'ana, ndipo nthawi zambiri pamapezeka mbali imodzi imene kumatsala pang'ono kutheratu. Kutalikira ampu ndi mamita awiri kumathandizanso kwambiri. Kenaka ikani swichi yosankhira mapikapu pa malo achiwiri kapena achinayi. Pa magitala ambiri a masiku ano pikapu yapakati inakulungidwa motembenuza, ndi magineti ake omwe, kotero ikaphatikizana ndi inzake zimafafaniza kulira monga imachitira hambaka. Kulira kukazimirira pamenepo, mwatsimikiza kuti ndi chibadwa cha koyilo imodzi.

Pali phokoso lina limene anthu amalisokoneza ndi ili, lija lothetheka kuti zzzz. Limeneli limachepa mukagwira nsambo, chifukwa thupi lanu limalumikizika ku waya wa ethi. Ngati silikusintha mukagwira nsambo koma likuchepa mukagwira chitsulo cha pulagi ya chingwe, ndiye kuti kawaya ka ethi kopita ku buliji, chitsulo chogwira nsambo pa thupi la gitala, kanaduka, ndipo m'misiri aliyense wa mawailesi angakawotcherere. Kumata kopa wopyapyala m'kati mwa mphako za gitala kumachepetsa kuthethekaku, koma kulira kwa mmmm sikutha nako, choncho musayembekezere zambiri.

Ngati mumaimba roko yolemera nthawi zambiri, njira yosaboola m'thumba ndi kusintha pikapu ya ku buliji yokha, kuikapo hambaka, n'kusiya ziwiri zinazo za mawu oyera. Eddie Van Halen anachita zofanana ndi zimenezi pamene anaika hambaka ya Gibson pa thupi la mtundu wa Stratocaster. Musanagule, masulani chivundikiro cha pulasitiki muone ngati mphako ya m'thabwa ndi yokwanira. Ikakhala yopapatiza, alipo mahambaka opangidwa pa msinkhu wa koyilo imodzi amene amalowa osasema thabwa. Muonenso nambala yolembedwa kuseri kwa chopotokola cha voliyumu. Magitala a koyilo imodzi amakhala ndi cha 250k, chomwe chimafewetsa mawu okwera, pomwe hambaka imayenda bwino ndi cha 500k. Mukasiya cha 250k hambaka ingamveke yotsekeka pang'ono, ndipo mukaika cha 500k mapikapu awiri otsalawo amathwa kuposa kale, choncho musankhe potengera pikapu imene mumaimbira kwambiri. Hambakayo idzamvekanso mokweza kuposa zinzake, ndipo mankhwala ake ndi kuitsitsa pang'ono ndi masikuluu a m'mbali mwake mpaka mawu afanane mukamasintha swichi.